Mphindi khumi pamaso pa aphunzitsi okayikira

Wophunzira wa digiri yachiwiri kapena yachitatu, kaya ali ku Bunda, ku Zomba kapena ku Mzuzu, sangapite kumudzi kukayamba kafukufuku asanadutse tsiku la difensi. Pa tsikuli amaimirira pamaso pa aphunzitsi angapo n'kufotokoza zimene akufuna kukafufuza. Pulopozo yake, yomwe mwina ndi ya masamba makumi awiri kapena atatu, amakhala ataipereka kale. Wapampando amayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Muli ndi mphindi khumi." Zikatha mphindizo pamabwera mafunso, ndipo kawirikawiri mafunsowo ndi amene amatenga nthawi yaitali.

Ophunzira ambiri amakonza masilaidi awo potsegula pulopozo ija n'kumadula mutu uliwonse kuti ukwane pa sikirini. Mawu oyamba amatenga masilaidi atatu, zimene ena analemba kale zimatenga asanu. Pofika pa njira yochitira kafukufuku, wapampando wakweza kale zala ziwiri. Wophunzira amayamba kuthamanga, masilaidi akungodutsa, ndipo gawo limene aphunzitsi anadzera ndi lomwe limamveka pang'ono kuposa onse.

Cholakwikacho chimayambira pa kusazindikira ntchito imene panelo yabwerera. Sinabwere kudzamva ngati mwawerenga mabuku ambiri. Yabwera kudzagamula nkhani imodzi: kodi munthuyu timulole apite kukachita zimene walembazi, kapena akabwerako ndi mapepala odzaza thumba koma osayankha funso lililonse? Zili ngati wopempha ngongole ku banki mkhonde. Anzake safuna kumva kuti bizinesi ya tomato ndi yabwino; zimenezo amazidziwa. Akufuna amve kuti akapikula kuti, akagulitsa kuti, ndipo abweza liti. Kukayikira kwa aphunzitsi n'kwa mtundu womwewo, ndipo si nkhanza. Cholakwika chimene chapezeka lero chimakonzedwa pa kompyuta madzulo amodzi. Chikapezeka mutabwerako kumudzi, ndalama zitatha, sichikonzekanso.

George Heilmeier, amene anatsogolera bungwe la DARPA la ku America kuyambira 1975 mpaka 1977, ankadziwika ndi mafunso ochepa amene ankafunsa aliyense wobwera ndi pempho la kafukufuku. Ankafuna kudziwa chimene munthuyo akufuna kuchita, m'mawu osavuta, momwe chinthucho chikuchitikira panopa ndi pamene pakupelewera, chatsopano chimene iye akubweretsa, amene apindule, zimene zingalepheretse ntchitoyo, ndalama ndi nthawi yake, komanso momwe anthu adzadziwire kuti zatheka. Aphunzitsi a pa difensi, ngakhale amene sanamvepo dzina la mkuluyu, amafunsa zomwezi. Masilaidi abwino amamangidwa kuchokera ku mafunso oterewa, osati kuchokera ku mndandanda wa mitu ya m'pulopozo.

Tiyerekeze wophunzira wa zaulimi amene akufuna kufufuza za matumba a PICS m'boma la Dedza. Awa ndi matumba osungira mbewu okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Akamangidwa bwino mpweya sulowa, ndipo anankafumbwe amafa popanda kuthira mankhwala. Wophunzira wathuyu waona kuti mabanja ena amene anawagwiritsapo ntchito anabwerera ku masaka wamba. Akufuna kudziwa kuti ndi angati, nanga n'chifukwa chiyani. Akonza zokacheza ndi mabanja a ku Linthipe ndi ku Lobi pogwiritsa ntchito mafunso olembedwa.

Asanatsegule PowerPoint, ayambe wawerengera nthawi. Munthu wolankhula Chingerezi modekha, kuti womvera atsatire, amanena mawu pafupifupi 120 mpaka 130 pa mphindi. Difensi m'mayunivesite athu imachitika m'Chingerezi, ndipo mantha akalowa lilime limapunthwa, choncho ndi bwino kutenga nambala yotsikayo. Akonzekere mphindi zisanu ndi zinayi, yakhumiyo ikhale yosungira: pulojekita ikhoza kuchedwa, wina akhoza kulowa mochedwa n'kusokoneza. Ndiye kuti zonse zimene ati anene ndi mawu pafupifupi 1,100, omwe ndi masamba awiri ndi theka otayipa. Pulopozo ya masamba makumi atatu singalowe mmenemo, ndipo siyenera kulowamo. Masilaidi khumi ndi okwanira. Anayi oyamba, ofotokoza funso, vuto, mpata umene ofufuza ena anasiya ndi zolinga, asapitirire mphindi zitatu ndi theka onse pamodzi. Mphindi pafupifupi zisanu zipite ku njira yochitira kafukufuku ndi zofooka zake. Zotsalazo ndi za kalendala, bajeti ndi mawu otsiriza.

Madipatimenti ena ali ndi ndondomeko yawo ya mitu imene aliyense ayenera kutsata. Ngati ilipo, itsatireni. Musakangane ndi wapampando pa zimenezo. Koma ndondomeko imanena dongosolo la mitu, sinena kuti mutu uliwonse mukhalepo nthawi yofanana.

Silaidi yoyamba kupanga si ya mutu wa kafukufuku. Ndi tebulo. Kumanzere wophunzira alembe zolinga zake, chilichonse pa mzere wake. Kutsogolo kwa cholinga chilichonse alembe chimene akayeze kapena kufunsa, amene akamufunse, ndi momwe akasanthulire mayankho. Tebulo limeneli ndi limene aphunzitsi amajambula m'mutu mwawo wophunzira akamalankhula, ndiye kuli bwino alijambule yekha kunyumba, aone mabowo asanawaone ena.

Wophunzira wathu ali ndi zolinga zitatu. Choyamba n'kudziwa chiwerengero cha mabanja amene anasiya matumbawo mwa onse amene anawagwiritsapo ntchito. Mzere umenewu umadzaza mosavuta: afunsa mabanja, awerenga. Chachiwiri n'kuona kusiyana kwa amene anasiya ndi amene akupitiriza, pa zinthu monga kuchuluka kwa zokolola, mtunda wokafika kumene matumba amagulitsidwa, ndi mtengo wake. Uwunso ukudzaza. Chachitatu walemba kuti akufuna kupeza ngati matumbawo amachepetsa kuonongeka kwa chimanga. Apa cholembera chimaima. Akayeza chiyani? Iye akupita kamodzi kokha, ndi pepala la mafunso. Chimene angapeze ndi zimene mlimi akukumbukira za chimanga cha chaka chatha, ndipo ndi ochepa amene anayeza chofumbwa pa sikelo. Komanso amene amagula matumbawa angakhale anthu osamala kale, oumitsa bwino chimanga chawo. Chimanga chawo chikasungika, tinena kuti ndi thumba kapena ndi mwini wake? Kuti ayankhe cholinga chimenechi akanafunika kusunga chimanga chofanana m'matumba a mitundu iwiri kwa miyezi ingapo, n'kumatapa pang'ono kuwerenga njere zobooka. Ameneyo ndi kafukufuku wina, wa ndalama zina.

Njira zilipo ziwiri, ndipo zonse ziyenera kudutsa kwa supavaiza tsiku la difensi lisanafike. Akhoza kuchotsa cholingacho, kapena kuchitsitsa kuti chikhale chofufuza maganizo a alimi pa kasungidwe ka chimanga m'matumbawo. Chimene sayenera kuchita n'kuchisiya momwemo ndi chiyembekezo choti palibe aone. Mawu akuti "zotsatira za" kapena "mphamvu ya" akaoneka pa cholinga cha kafukufuku wongofunsa kamodzi, mphunzitsi wa masamu a kafukufuku amawalemba mzere kunsi wophunzira asanamalize kuwerenga.

Silaidi yachiwiri yofunika kuikhalira pansi ndi ya sampulo, kutanthauza mabanja amene akafunsidwe. Nambala ya 385 imapezeka m'mapulopozo ochuluka, ndipo aphunzitsi amadziwa kumene imachokera. Imachokera pa fomula iyi:

```
n = Z² × p × (1 − p) / e²
n = 1.96² × 0.5 × 0.5 / 0.05² = 384.16
```

Tanthauzo lake n'lakuti ngati sudziwa kuti amene anasiya ndi angati, umayerekeza kuti ndi theka, ndipo ukafuna kuti yankho lako lisaphonye ndi mabanja oposa 5 pa 100 alionse, ufunika mabanja 385. Ophunzira ambiri amaika fomulayi pa silaidi, zilembo zikuluzikulu, n'kuona ngati nkhani yatha. Koma fomulayi imagwira ngati banja lililonse lasankhidwa mwamaere kuchokera pa mndandanda wa mabanja onse. Wophunzira wathu sachita zimenezo. Asankha midzi, kenako mabanja angapo m'mudzi uliwonse, chifukwa sangayende Dedza yense kusaka banja limodzi limodzi. Anthu a mudzi umodzi amafanana: amagula pa sitolo imodzi, amamvera mlangizi mmodzi. Mayankho makumi awiri ochokera m'mudzi umodzi sakupatsa nzeru zofanana ndi mayankho makumi awiri ochokera m'midzi yosiyana. N'chifukwa chake akatswiri amachulukitsa nambala ija ndi kachiwerengero kena kolipirira kufananako. Titayerekeza kuti kachiwerengeroko ndi 1.5, mabanja 385 asanduka 578.

Tsopano onani mmene mphunzitsi wokayikira amalumikizira masilaidi. Pa silaidi ya bajeti wophunzira walemba kuti adzalemba ntchito ofunsa mafunso anayi kwa masiku makumi awiri. Aliyense akafunsa mabanja asanu patsiku, onse pamodzi ndi mabanja makumi awiri, ndipo masiku makumi awiri akukwanira mabanja 385. Koma mabanja 578 afuna masiku 29. Mphunzitsi amawerengera zimenezi m'mphepete mwa pepala, ndipo funso lake limabwera mofatsa: "Ndalama za masiku enawo zichokera kuti?"

Yankho loona lilipo, ndipo liyenera kukhala pa silaidi funsolo lisanafunsidwe. Wophunzira anene kuti ndalama zake zikulola mabanja 385. Kuti chifukwa chosankha kudzera m'midzi, yankho lake likhoza kuphonya ndi mabanja pafupifupi 6 pa 100 m'malo mwa 5. Ndipo kuti pa funso lake kusiyana kumeneko sikusintha chimene alangizi angachite ndi zotsatirazo. Pa silaidi pasakhale fomula. Pakhale chithunzi cha masitepe: madera awiri, midzi ingati m'dera lililonse, mabanja angati m'mudzi uliwonse, ndi kasankhidwe kake pa sitepe iliyonse. Pakhalenso mzere umodzi wonena kumene mndandanda wa mabanja uchokere. Ili ndi funso lina losalephera kubwera. Ngati mndandanda uchokera kwa alangizi, mwina mudzadzaza alimi a m'makalabu, ndipo amene anangogula thumba pa sitolo payekha sadzaonekamo. Wophunzira anene chimene achite: mwina kuyamba walemba yekha mabanja onse a m'midzi yosankhidwayo mothandizidwa ndi mafumu, kenako n'kuchita maere.

Anthu ena amalangiza kuti zofooka za kafukufuku zibisidwe kumapeto, m'mawu ochepa. Ine sindigwirizana nawo. Pamaso pa panelo yokayikira, silaidi ya zofooka ndi imene imaonetsa ngati pulopozo ndi yanu kapena munangotengera za ena. Koma ikhale ya zofooka zenizeni. "Kuchepa kwa nthawi ndi ndalama" si chofooka cha kafukufuku wanu; aliyense m'chipindamo ali nacho. Wophunzira wathu atchule ziwiri kapena zitatu, chilichonse ndi chochita chake. Mwachitsanzo, alimi akhoza kunena kuti akugwiritsabe ntchito matumbawo pofuna kusangalatsa mlendo, kapena poganiza kuti kukubwera chithandizo. Choncho wofunsa adzapempha kuona thumbalo ndi maso. Chochita chimenechi chikukhudza kalendala. Kuti thumba lioneke lili ndi chimanga, ulendo uyenera kukhala cha mu Seputembala kapena Okutobala. Pofika Januwale ndi Febuluwale mabanja ambiri chimanga chimakhala chitatha, ndipo misewu ya kumidzi imakhala matope okhaokha. Kalendalayo isonyezenso nthawi yodikira chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu ofunsidwa, chifukwa popanda chilolezocho simungayambe. Kalendala yosonyeza difensi mwezi uno ndi ulendo wa kumudzi sabata yamawa imauza panelo kuti simunafunse mmene zinthu zimayendera.

Masilaidi a kumayambiriro ndi osavuta akapangidwa pambuyo pa awa. Yoyamba ikhale ndi mutu, dzina lanu ndi la supavaiza, ndipo pakamwa panu patuluke funso la kafukufuku m'chiganizo chimodzi, masekondi makumi atatu asanathe. Ya vuto ikhale ndi nambala imodzi kapena ziwiri zokhudza dera lanu, gwero lake ndi chaka chake zili pansi pomwepo. Musayambire pa njala ya dziko lonse lapansi. Ya zimene ena analemba ndi imene imadya nthawi ya anthu. Sankhani kafukufuku mutatu kapena munayi woyandikana kwambiri ndi wanu, munene chimene aliyense anapeza ndi chimene sanafunse. Kwa wophunzira wathu mfundo ingakhale yakuti amene wawawerenga anafufuza chifukwa chimene alimi amayambira kugwiritsa ntchito matumbawo, pomwe iye akufunsa chifukwa chimene amasiyira. Apewe mawu akuti "palibe amene anafufuzapo". M'chipindamo mukhoza kukhala munthu amene anayang'anira wophunzira wina pa nkhani yomweyo zaka zapitazo. Kuli bwino kunena kumene munafufuza ndi zimene munapezako.

Za maonekedwe a silaidi, nzeru yothandiza ndi imene Michael Alley wa ku yunivesite ya Penn State ku America wakhala akuphunzitsa: pamwamba pa silaidi pakhale chiganizo chonena mfundo, ndipo pansi pake pakhale umboni wooneka, monga mapu, tebulo kapena chati, m'malo mwa mizere ya mawu. Silaidi yolembedwa kuti "Sampulo" sinena kanthu. Yolembedwa kuti "Mabanja 385 asankhidwa mwamaere m'midzi ya madera awiri" yayankha kale theka la funso. Mukatha, werengani mitu yokhayokha kuyambira silaidi yoyamba mpaka yomaliza. Ngati ikumveka ngati nkhani imodzi, zili bwino. Ngati pali pamene mukudumpha, panelo idzaima pomwepo. Zilembo zisachepere saizi 24, zakuda pa malo oyera, chifukwa m'zipinda zambiri dzuwa limalowa ndipo mitundu yofewa imazimiririka. Ikani manambala pa masilaidi, kuti a Pulofesa akati "tabwererani paja", adziwe ponena. Silaidi yomaliza isakhale ya "Zikomo" yekha, chifukwa ndi imene imakhala pa khoma nthawi yonse ya mafunso. Ikanipo funso lanu, njira yanu mwachidule, ndi amene adzagwiritse ntchito yankho.

Nanga fomula ija, mafunso a pa pepala, bajeti yatsatanetsatane ndi mabuku ena onse aja apite kuti? Apite kuseri kwa silaidi yomaliza, ngati masilaidi osungira. Simuwaonetsa pokhapokha wina atafunsa. Mu PowerPoint, masilaidi akamaonetsedwa, mukhoza kulemba nambala ya silaidi n'kudina `Enter`, ndipo imabwera nthawi yomweyo. Lembani manambalawo pa kapepala. A Dokotala akafunsa za 385, mudina `12` ndi `Enter`, fomula ndi mawerengero a 578 zili poyera. Batani la `B` limadetsa sikirini, ndipo limathandiza pamene mukufuna kuti anthu amvere inu, asamawerenge khoma. Mukalidinanso silaidi imabwerera.

Kuyeserera kuchitike mokweza mawu, mutaimirira. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa maso amathamanga kuposa pakamwa. Pansi pa `Slide Show` pali `Rehearse Timings`, imene imalemba masekondi amene mwakhala pa silaidi iliyonse. Musangoyang'ana nthawi yonse pamodzi. Yang'anani pamene mwafika mphindi zitatu ndi theka zitakwana. Ngati simunafike pa tebulo lija, dulani za kumayambiriro, musawonjezere liwiro. Chenjezo limodzi: mukasunga nthawizo, masilaidi akhoza kumadzisinthira okha pa tsikulo, choncho chotsani chizindikiro pa `Use Timings`. Kenako pezani anzanu awiri, mmodzi wa phunziro lanu ndi wina wa phunzo lina, muwapemphe kuti asakuyamikireni koma akufunseni mafunso ovuta. Wa phunziro linayo akalephera kubwereza funso la kafukufuku wanu mukatha, silaidi yoyamba sinagwire ntchito.

Chipinda chochitiramo difensi chikaonedwe dzulo lake. Mapulojekita akale ena ali ndi chingwe cha `VGA` chokha pomwe malaputopu atsopano ali ndi `HDMI`, ndipo ena amaonetsa chithunzi cha `4:3` chimene chimachepetsa masilaidi opangidwa pa `16:9`. Sungani fayilo ina ya `PDF` pa fulashi, chifukwa imaoneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse. Magetsi akhoza kuthima, choncho sindikizani masilaidi a aliyense wa pa panelo, tebulo la zolinga lili pa tsamba lakelake.

Pa nthawi ya mafunso khalani ndi cholembera, ndipo supavaiza kapena mnzanu alembenso, chifukwa zimene panelo yanena ndi zimene mudzafunsidwe kukonza. Mphunzitsi akaloza bowo limene simunalione, musalimbane naye ndipo musavomere zonse chifukwa cha mantha. Nenani kuti, "Zimenezo sindinaziganizire, a Dokotala, ndikuona kuti zikhudza cholinga chachiwiri, ndipo ndikambirana ndi a supavaiza." Akafunsa chimene munasankha mwadala, perekani chifukwa chake ndi njira ina imene munaisiya. Nthawi zambiri difensi ya pulopozo imatha ndi mawu akuti wophunzira apitirize atakonza zina, choncho kupatsidwa zokonza si kulephera.

Ngati difensi yanu ili pafupi, musayambe ndi kusankha mitundu ya masilaidi. Tengani pepala lero, jambulani tebulo la zolinga, ndipo mzere umene ukukanika kudzaza mupite nawo kwa supavaiza wanu sabata ino.